Wotchi Ikathamanga Kapena Kutsalira: Mmene Mungadziwire Ngati Ndi Maginito Kapena Yafika Pofuna Sevisi

Anthu ambiri kuno ku Salima akaona kuti wotchi yawo yasiyana ndi nthawi ya pafoni amathamangira kukaitsegulitsa. Wokonza amakankha kachitsulo kena mkatimo, wotchi imayenda bwino masiku awiri, kenaka vuto lija limabwerera, nthawi zina litakula. Zimatero chifukwa wotchi yatsegulidwa musanadziwe chimene ikudwala. Kuchuluka kwa masekondi amene ikuphonya pa tsiku, komanso ngati ikuphonya mofanana tsiku ndi tsiku, ndi zimene zimaulula gwero la vuto, ndipo zimenezi mungathe kuziyeza nokha kunyumba osamasula kalikonse.

Malangizowa akukhudza makamaka wotchi zoyendera sipuling'i, zija zopukusa ndi dzanja ndi zija zodzipukusa zokha mukazivala. Za batire ndazipatsa kagawo kake kakafupi chifukwa nkhani yake ndi ina.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni yotenga nthawi ku netiweki, yoonetsa masekondi. Ngati siionetsa, tsegulani tsamba la time.is.
- Kope ndi cholembera.
- Kampasi yolozera kumpoto, osati ija yojambulira mizere yozungulira. Aphunzitsi a jogalafe kawirikawiri amakhala nayo.
- Tebulo la matabwa lopanda misomali yambiri pamwamba, lotalikirana ndi wailesi, sipika ndi batire la sola.
- Kachipangizo kochotsera maginito, ngati mungakapeze. Nthawi zambiri kamakhala kabokosi kakang'ono kabuluu kokhala ndi batani limodzi, kolumikiza ku magetsi.
- Sabata imodzi yosakhudza mivi ya wotchiyo.

## Sitepe 1: Dziwani mtundu wa wotchi yanu

Yang'anani muvi wa masekondi. Ukamalumpha kamodzi pa sekondi iliyonse, wotchiyo ndi ya batire, ndipo kawirikawiri pankhope pake pamalembedwa kuti QUARTZ. Ukamayenda ngati ukutsetsereka, timasitepe tating'onoting'ono tambiri pa sekondi imodzi, ndi ya sipuling'i. Pakalembedwa AUTOMATIC ndiye kuti imadzipukusa yokha ndi kugwedezeka kwa mkono wanu.

Chenjezo: pa wotchi zotchipa za pamsika zolembedwazo zimatha kunama. Khulupirirani muvi, osati mawu.

Mu wotchi ya sipuling'i, chosunga nthawi ndi kagudumu kamene kamatembenukira uku ndi uku osapuma, kotchedwa balansi. Pakati pake pali kasipuling'i kopyapyala kwambiri kokulungidwa mozungulira, kamene kamafutukuka ndi kufinyika nthawi iliyonse kagudumuko kakatembenuka. Mu Seiko 5, wotchi imene ambiri tinaiona pamkono pa abambo athu, kugunda kumeneku kumachitika maulendo 21,600 pa ola, kutanthauza kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Kasipuling'iko kakafupika, wotchi imathamanga. Kakatalika, imatsalira. Gwirani mfundo imeneyi chifukwa zonse zotsatirazi zikutsamira pamenepo.

## Sitepe 2: Yezani kwa masiku 7

Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa amayeza ndi maso komanso chikumbumtima. Mawu oti "ikuthamanga kwambiri" sathandiza wokonza aliyense. Pamafunika nambala.

1. Sankhani nthawi imodzi ya tsiku, tinene 6 koloko m'mawa musanatuluke.
2. Dikirani kuti masekondi a pafoni afike pa 00, ndipo nthawi yomweyo onani pamene muvi wa masekondi wa wotchi uli.
3. Lembani kusiyanako. Wotchi ikakhala patsogolo lembani + , ikakhala pambuyo lembani − . Lembani mphindi ndi masekondi omwe.
4. Valani wotchiyo monga mwa masiku onse. Usiku igonekeni malo omwewo komanso mwa njira yomweyo, nkhope ikuyang'ana kumwamba.
5. M'mawa mwake yezaninso, ndipo chotsani nambala ya dzulo pa ya lero. Yotsalayo ndiyo liwiro la wotchi yanu pa tsikulo.

Simukufunika kuyamba mwaikonza kuti ifanane ndendende ndi foni. Ma Seiko 5 akale okhala ndi injini ya 7S26 saimitsa muvi wa masekondi mukakoka kamutu ka m'mbali, choncho musavutike nazo. Chofunika ndi kusintha kwa nambala kuchoka tsiku lina kufika tsiku linzake.

Chenjezo: musasinthe choyezera pakati pa sabata. Lero foni, mawa wailesi, mkuja wotchi ya pakhoma ku ofesi, mudzangosokonezeka. Wailesi yomvera pa intaneti imafika mochedwa ndi masekondi angapo, nthawi zina ochuluka ndithu.

Tiyerekeze ndi wotchi imodzi imene tiitsatire mpaka kumapeto. Bambo wina wogulitsa mpunga pa Kamuzu Road ali ndi Seiko 5 imene anasiyiridwa ndi malume ake, ndipo sakudziwa kuti inatsukidwa liti. Lolemba m'mawa ili patsogolo ndi masekondi 12. Lachiwiri ili patsogolo ndi mphindi 4 ndi masekondi 2. Lachitatu yafika pa mphindi 7 ndi masekondi 57. Ndiye kuti tsiku loyamba yathamanga masekondi 230, lachiwiri masekondi 235, pafupifupi mphindi zinayi tsiku lililonse. Akuti mwezi wathawu sinkatero.

## Sitepe 3: Werengani zimene nambala zikunena

Choyamba, dziwani kuti wotchi ya sipuling'i siingafanane ndi foni. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, ndipo wotchi yophonya masekondi 20 mwa amenewo ili bwinobwino. Injini ya NH35, imene imapezeka mu wotchi zambiri za otomatiki zamtengo wapakati, opanga ake amailola kutsalira mpaka masekondi 20 kapena kuthamanga mpaka masekondi 40 pa tsiku. Ngakhale wotchi zodula za ku Switzerland zoyesedwa ndi bungwe la COSC zimaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kuthamanga masekondi 6 pa tsiku. Wotchi yothamanga masekondi 40 pa tsiku imakhala itatsogola mphindi 4 ndi masekondi 40 sabata ikamatha. Zimenezi zimanyansa, koma si matenda.

Tsopano onani kope lanu lija.

Ngati ikuphonya pang'ono ndipo nambala zikufanana, monga +18, +21, +17, +20, wotchiyo ndi yathanzi. Ikungofuna kuchepetsedwa liwiro, ntchito ya mphindi zochepa kwa mmisiri, kapena mungoizolowera ndi kumaibweza Lamlungu lililonse.

Ngati yayamba mwadzidzidzi kuthamanga mphindi zathunthu pa tsiku, ganizirani maginito poyamba. Nthawi zina imathamanga mpaka theka la ola kapena kuposa. Kugwa pansi kungathenso kuchititsa zomwezi, kasipuling'i kaja kakakolana, ndiye dzifunseni ngati inagwa kapena kumenyetsedwa posachedwapa.

Ngati nambala zikudumphadumpha, lero −25, mawa −60, mkuja +10, makamaka ngati vutoli lakhala likukula pang'onopang'ono kwa miyezi, nkhani ndi ya mafuta ouma ndi kutha kwa zitsulo. Komabe musanagamule zimenezi chitani sitepe 6, chifukwa wotchi yosapukusidwa mokwanira imachitanso chimodzimodzi.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Ngati muvi wa masekondi ukugwirizana ndi foni koma wa mphindi ndi umene ukutsalira, vuto silili pa balansi. Kachitsulo kamene kamanyamula muvi wa mphindi kakhwepa ndipo kakutsetsereka. Wokonza angathe kukamangitsa, koma mukamuuza kuti "ikutsalira" basi, adzakankha kolakwika.

## Sitepe 4: Yesani ngati yalowa maginito

Maginito akalowa m'kasipuling'i kopyapyala kaja, timizere take toyandikana timakokana n'kumamatirana. Gawo lomatiranalo limasiya kugwira ntchito, ndiye kasipuling'iko kamakhala ngati kafupika, balansi imatembenuka mofulumira, wotchi n'kuthamanga. Palibe chimene chathyoka. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona wotchi yabwino itasasulidwa, kapena kutayidwa kumene, pa vuto lotha m'mphindi imodzi.

Muyeso wa dziko lonse wa ISO 764 umati wotchi yotchedwa yolimbana ndi maginito ipirire mphamvu ya 4,800 A/m. Nambalayi ikumveka yaikulu, koma maginito a kuseri kwa sipika amaiposa wotchi ikawagunda. Mphamvu ya maginito imachepa msanga mukatalikira, kotero kungodutsa pafupi ndi sipika sikuvulaza wotchi. Chovulaza ndi kuisanjika pamenepo.

Ganizirani malo amene wotchi yanu imagona. Pamwamba pa sipika ya wailesi kuchipinda. Pa kasipika kolumikiza ndi foni. Pamwamba pa foni yeniyeniyo, makamaka yokhala ndi chikwama chotseka ndi maginito. M'kachikwama ka amayi kotseka ndi kabatani ka maginito. Pamwamba pa fuliji pafupi ndi labala wa chitseko. Amene amanyamula masipika aakulu a kutchalitchi ndi ku zinkhoswe atawakumbatira, amene amawotcherera zitsulo, ndi amene amakonza injini za maboti ku Senga Bay kapena ku Chipoka, onsewa mkono wawo umafika pafupi ndi maginito amphamvu.

Kuyesa kwake chitani chonchi:

1. Ikani kampasi patebulo ndipo dikirani muvi wake ukhazikike. Foni ikhale kutali.
2. Bweretsani wotchi pang'onopang'ono mpaka itayandikira kampasi ndi kampata ka chala chimodzi, pafupi ndi nsonga yoloza kumpoto.
3. Tembenuzani wotchiyo pang'onopang'ono, mbali ya 12, ya 3, ya 6, ya 9, kenaka kumsana kwake.
4. Onani zimene muvi ukuchita.

Apa samalani kwambiri, chifukwa kampasi imanamiza osaidziwa. Muvi wa kampasi nawonso ndi maginito, choncho umakokeka pang'ono ndi chitsulo ngakhale chitsulocho chilibe maginito. Kugwedezeka pang'ono si umboni. Umboni weniweni ndi pamene mbali ina ya wotchi ikukoka nsonga ya muvi pomwe mbali ina ikuikankha kuti ithawe. Chitsulo wamba chimangokoka, sichikankha. Ngati lamba ndi wachitsulo, mupindireni kumbali kuti muziyesa mutu wa wotchi wokha, chifukwa chomangira lamba chimatha kukhala ndi maginito pomwe mkati muli bwino.

Komanso kampasi ikakhala chete si kuti wotchi yapulumuka. Kasipuling'i kaja n'kakang'ono kwambiri moti maginito okwanira kukamatiritsa sangafike pogwedeza muvi wa kampasi uli kunja. Ngati kope lanu likuonetsa mphindi zathunthu ndipo zinayamba mwadzidzidzi, pitirizani ndi sitepe 5 ngakhale kampasi isanene kanthu, chifukwa kuchotsa maginito sikuwononga wotchi ya sipuling'i.

Wotchi ya bambo wa pa Kamuzu Road ija inakankha muvi itatembenuzidwira mbali ya 9. Atafunsidwa, anakumbukira kuti masabata atatu apitawo anagula kasipika koimbira nyimbo pa benchi, ndipo akamasamba m'manja amavula wotchi n'kuisanjika pamenepo.

## Sitepe 5: Chotsani maginito

Kachipangizoka kamatulutsa maginito osinthasintha mbali mogwirizana ndi magetsi. Wotchi ikamatalikira pang'onopang'ono mphamvuyo imachepa mpaka kutheratu, ndipo zitsulo zimatsala zopanda maginito. Chinsinsi chonse chagona pa kutalikitsa pang'onopang'ono batani likadali lopanikizidwa.

1. Onani kuti kalembedwa 220V kapena 230V, magetsi athu a kuno. Timabokosi tina timabwera ta 110V ndipo timapsa nthawi yomweyo.
2. Chotsani pafupi makhadi a kubanki, foni ndi wotchi za batire.
3. Ngati n'kotheka, isiyeni wotchi ithe mphamvu iime yokha, kapena kokani kamutu ngati ndi yoimitsa muvi wa masekondi.
4. Igwireni wotchi m'dzanja limodzi, msana wake utagunda pamwamba pa kabokosiko.
5. Ndi dzanja linalo panikizani batani osalisiya. Mudzamva wotchi ikunjenjemera pang'ono.
6. Kwezani wotchi pang'onopang'ono, mukuwerenga mpaka teni, kufikira itatalikira mkono wathunthu.
7. Pamenepo m'pamene musiye batani.
8. Tembenuzani wotchi kuti 12 iloze kumene kunali 3, ndipo bwerezani. Kawiri kapena katatu n'kokwanira.

Chenjezo: mukasiya batani wotchi ikadali pa kabokosi, kapena magetsi akazima muli pakati, mungathe kuionjezera maginito m'malo mowachotsa. Zikatero musade nkhawa, ingoyambiraninso. Musapanikize batani nthawi yaitali chifukwa timabokosi totchipati timatentha msanga. Kapatseni mpata wozizira.

Njira zakumudzi zimene anthu amauzana, monga kuipaka maginito ena mobwerera, kuiika padzuwa kapena kuimenya pachikhatho, sizichotsa kalikonse. Ngati mulibe kachipangizoka, funsani wokonza mawotchi ngati ali nako musanamupatse wotchi. Ntchitoyi safunika kutsegula kumsana.

Mukamaliza, yambiraninso kuyeza kwa sitepe 2. Liwiro likabwerera pa masekondi ochepa ofanana tsiku ndi tsiku, mwathana nazo, ingosinthani pogoneka wotchi. Ikapitirira kuthamanga mphindi zomwe zija, ndiye kuti timizere ta kasipuling'i tamatirana ndi chinthu china. Kawirikawiri amakhala mafuta amene anadonthera pamenepo, kapena kanakolana wotchi itagwa. Zimenezo n'za mmisiri.

Kwa bambo uja, mphindi zinayi zija zinatheratu. Koma sabata yotsatira kope linaonetsa −25, −60, −40, −15, −90. Maginito anali atabisa vuto lina.

## Sitepe 6: Onetsetsani kuti ikupukusidwa mokwanira, kenaka yesani mphamvu

Wotchi ya otomatiki imadalira mkono woyendayenda. Munthu wokhala pa desiki tsiku lonse, kapena wovala wotchi popita kutchalitchi kokha, amaiyendetsa sipuling'i yaikulu yosunga mphamvu ili pafupi kutha mphamvuyo, ndipo pamenepo wotchi iliyonse imasokonekera. Ngati yanu imalola kupukusa ndi kamutu, ipukuseni maulendo 30 kapena 40. Injini ya 7S26 siilola zimenezo, choncho igwireni chafufumimba m'dzanja n'kumaigwedeza uku ndi uku mofatsa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka ivaleni tsiku lathunthu loyendayenda.

Madzulo ake ivuleni, lembani nthawi, igonekeni m'kabati ndipo musaikhudze mpaka itaima yokha. Mivi ndi tsiku looneka pankhope yake zidzakuuzani nthawi imene yaimira. Ma Seiko a mtundu umenewu akadzaza amayenda maola pafupifupi 40. Ikayenda maola 36 kapena kuposa ili bwino. Ya bambo uja inavulidwa 7 koloko madzulo n'kuima 2 koloko masana a tsiku lotsatira, maola 19 okha, chonsecho munthuyo amanyamula matumba tsiku lonse.

Yesaninso kagonedwe. Usiku wina igone nkhope kumwamba, usiku wina igone chammbali kamutu kali pansi, ndipo yezani madzulo ndi m'mawa. Kusiyana kwa masekondi ochepa n'kwachibadwa, ndipo mungathe kukugwiritsa ntchito: ngati imathamanga masana, muziigoneka mbali imene imatsalira kuti zizibwezerana. Koma ngati mbali ina ikutsalira kwambiri kapena kuimiratu, nsonga za balansi zauma kapena zadyeka.

## Sitepe 7: Dziwani nthawi imene yafika pofuna sevisi

Mkati mwa wotchi muli timadontho ta mafuta tating'ono kwambiri, toikidwa pa timiyala tofiira pamene nsonga za magudumu zimazungulira. Zaka zikamapita mafutawo amauma, amafalikira kapena kusakanikirana ndi fumbi. Mphamvu yofika ku balansi imachepa, ndipo m'malo motembenuka mokwanira imangogwedezeka pang'ono. Balansi yofooka chonchi imasokonezedwa ndi kanthu kalikonse, n'chifukwa chake nambala zimadumphadumpha. Ambiri amaganiza kuti wotchi yokalamba imangotsalira, koma imathanso kuthamanga.

Opanga mawotchi amatchula zaka zosiyanasiyana, ena zitatu, ena zisanu, ena mpaka 10. Ine sindiwerengera kalendala yokha. Kuno kunyanja wotchi imakumana ndi zambiri: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, chinyezi cha dzinja, thukuta la tsiku ndi tsiku, fumbi la nthawi ya mwera ndi mchenga wosalala wa m'mbali mwa nyanja. Timalabala totsekera madzi kumsana ndi pa kamutu timauma n'kuyamba kulowetsa chinyezi. Choncho wotchi yovalidwa tsiku lililonse ku Salima kapena ku Nkhotakota ndingaitengere kwa mmisiri ikangoonetsa ziwiri mwa zizindikiro izi, ngakhale zaka zisanakwane:

- Liwiro likusinthasintha ndi masekondi oposa 30 pakati pa tsiku ndi linzake, ngakhale yapukusidwa bwino ndipo maginito achotsedwa.
- Ikuima isanafike theka la maola amene iyenera kuyenda.
- Ikuima ikagona mbali ina.
- Popukusa mukumva kukhakhala, kapena mukaigwedeza mukumva kukhula mkati.
- Tsiku likukanirira osasintha bwino pakati pa usiku.

Chizindikiro chimodzi sichidikira chinzake: nthunzi kuseri kwa galasi. Mukaiona, madzi alowa, ndipo dzimbiri limayamba m'masiku ochepa. Musaiike mumpunga n'kumadikira. Itengereni kwa wokonza tsiku lomwelo kuti atsegule ndi kuiumitsa. Dziwaninso kuti wotchi yolembedwa 30M ndi yongopirira mvula ndi madzi osamba m'manja, si yosambira nayo m'nyanja.

Kodi ingapitirire kuvalidwa chonchobe? Ingathe, koma nsonga zouma zimadyeka, ndipo sevisi imene ikanangokhala yotsuka imasanduka yosaka zipangizo.

## Sitepe 8: Sankhani wokonza ndipo mufunseni bwino

Sevisi yeniyeni ndi kumasula injini yonse chidutswa ndi chidutswa, kutsuka, kuona zodyeka, kumanganso, kuthira mafuta a wotchi pamalo ake okha, kusintha timalabala, kukonza liwiro, ndi kuiyang'anira masiku angapo. Siingathe inu mutaimirira pomwepo. Munthu wotsegula kumsana, kuuzira mpweya, kudonthezera mafuta n'kukubwezerani pakatha mphindi khumi sanachite sevisi, ndipo mafuta amenewo ndi amene mawa adzamatiritse kasipuling'i kaja.

Tengani kope lanu ndipo mumuonetse nambala. Mufunseni kuti, "Bambo, kodi muimasula yonse kapena mungothira mafuta? Mumagwiritsa ntchito mafuta anji? Timalabala musintha? Ndidzaitenge liti?" Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso amenewa. Ngati ali ndi makina omvera kugunda kwa wotchi, pemphani kuti akuonetseni kutembenuka kwa balansi asanayambe ntchito ndi atamaliza. Wotchi zambiri zathanzi zikapukusidwa mokwanira zimaonetsa madigiri 270 kapena kuposa, ma Seiko 5 amakhala pansi pang'ono, koma zosafika pa 200 ndi zodwala. Ya bambo uja, yoima pa maola 19, tingayembekezere kuti ingaonetse nambala yotsika chotero. Mukapanda kupeza wochita ntchito yotere pafupi, Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, ndipo ndi bwino kudikira ulendo kusiyana ndi kuipereka kwa woyeserera.

Funsaninso mtengo wa injini yatsopano. Pa wotchi zotchipa, kusintha injini yonse nthawi zina kumatsika mtengo kuposa kutsuka yakale. Pa wotchi ya malume, mwina mungafune injini yomweyo ikhalebe, ndipo zimenezo munene poyamba.

## Nanga ya batire?

Wotchi ya batire imasunga nthawi ndi kamwala konjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, ndipo yabwinobwino imaphonya masekondi 15 mpaka 30 pa mwezi wathunthu. Maginito sakakhudza kamwalako. Amangosokoneza kamota koyendetsa mivi pa nthawi imene wotchi ili pafupi nawo, ndipo mukaichotsapo imayambanso kuyenda bwino, mumangokonza nthawi. Ya manambala okhaokha ilibe kamota, choncho sipika siiopsa.

Musaiyese ndi kampasi, chifukwa kamota kaja kali ndi maginito ake ndipo muvi udzagwedezeka nthawi zonse. Musaiikenso pa kachipangizo kochotsera maginito.

Muvi wa masekondi ukayamba kulumpha masekondi awiri kapena anayi nthawi imodzi, wotchi ikukuuzani kuti batire lili pafupi kutha. Werengani nambala ya pa batire lakale ndipo gulani lofanana. Pamene panali SR626SW musalole LR626 kapena AG4. Kukula n'kofanana, koma sakhalitsa ndipo sachedwa kutuluka madzi owononga mkati. Ikamatsalira mphindi zathunthu batire lili latsopano, onani ngati mivi ikukhulana yokhayokha kapena kukhula galasi. Ngati si zimenezo ndiye kuti magudumu alowa litsiro.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukankha kachitsulo ka + ndi − ka mkati mwa wotchi musanachotse maginito. Kachitsuloka kamasintha kutalika kwa kasipuling'i, ndipo ntchito yake ndi kukonza masekondi, osati mphindi zinayi. Mukakakankhira kumapeto pofuna kugonjetsa maginito, tsiku limene maginitowo adzachoke wotchi idzatsalira koopsa. Komanso kali pafupi kwambiri ndi kasipuling'iko, moti singano ikangotsetsereka kamodzi kasipuling'iko kamapindika, ndipo kukawongola ndi luso limene amisiri ochepa ali nalo.

Kuthira mafuta a makina osokera, parafini kapena mafuta opopera. Amayenderera paliponse mkatimo, amakoka fumbi, ndipo amathimbiriritsa nkhope ya wotchi.

Kubweza mivi tsiku lililonse pa sabata yoyeza. Mukatero nambala zonse zatayika.

Kusintha tsiku usiku. Pa wotchi zambiri, kuyambira cha m'ma 9 koloko usiku mpaka cha m'ma 4 koloko m'mawa mano osinthira tsiku amakhala atalumana kale. Mukakakamiza ndi kamutu nthawi imeneyo angathe kuthyoka. Ngati wotchi inaima ndipo simukudziwa ngati ikuonetsa usana kapena usiku, yendetsani mivi mpaka pa 6 koloko musanasinthe tsiku.

Kuvala wotchi ya sipuling'i pa ntchito yogunda. Kuwaza nkhuni, kuswa miyala, kukhoma misomali ndi kugwira chiwongolero cha njinga yamoto pa msewu wa mabampu zimagwedeza balansi ndipo zingakolanitse kasipuling'i. Pa ntchito zoterezi valani ya batire.

Kutsegula kumsana ndi mpeni, panja. Fumbi limodzi lokha likagwera pa balansi likwanira kusintha liwiro, ndipo kalabala kakatsinidwa potseka sikatsekanso madzi.

Kubwerera pa sipika pomwe paja. Wotchi yochotsedwa maginito lero ingawalowenso usiku womwewo. Ipezereni kambale kapena kabokosi ka matabwa, patali ndi sipika, foni ndi fuliji pafupifupi kutalika kwa dzanja kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala, ndipo muziigoneka momwemo usiku uliwonse.